Masekondi atatu oyamba: mawu oimitsa chala

Mawu amene anayankhula membala wa kalabu ya ku Nsadzo pa msonkhano wa omvera wailesi

Ambiri mukundidziwa, ine ndine mlimi wa chimanga ndi soya konkuno ku Nsadzo. Sukulu ndinalekera kupulayimale, choncho musayembekezere mawu a m'mabuku. Chimene mwandiitanira ndi timavidiyo ta Mawu a Mulungu timene ndimajambula ndi achinyamata a mpingo wathu. Alembi anati, tafotokozani mmene mumayambira, chifukwa athu anthu sakuwaonera. Ndiye lero sindikamba za foni yabwino kapena za nyimbo. Ndikamba za chinthu chimodzi basi, mawu oyamba, aja otuluka m'kamwa m'masekondi 3 oyambirira.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Mu 2023 akulu a mpingo anandipatsa ntchito yoyang'anira achinyamata. Ndinaona kuti ana athuwa Lamlungu amabwera, koma masiku enawo maso ali pafoni. Ndinati basi, tiwatsatire komweko. Ndinavala jekete, ndinaima pakhomo pa tchalitchi, mphwanga n'kugwira foni. Ndinayamba monga tiyambira tonse. Ndinapereka moni m'dzina la Ambuye, ndinatchula dzina langa, mudzi wanga ndi mpingo wanga, ndinathokoza chifukwa cha mpata, kenaka ndinati lero tiwerenga kuchokera m'buku lakuti. Ndinaiika pa Status ya WhatsApp ndipo ndinagona mtima uli mbee.

M'mawa ndinaona kuti mayina a oonera alipo ambiri ndithu. Ndinafunsa mphwanga uja kuti, "Nanga anzako akuti bwanji uthenga uja?" Iye anayang'ana pansi. Anati, "Amalume, musakwiye. Akuti jekete inakukhalani." Ndinati, "Nanga uthenga?" Anati, "Sanafikeko, amalume. Inu muli pa moni, iwo anali atadutsa kale."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuionera pamodzi, maso ali pa manambala othamanga aja. Moni ndi kudzitchula kwanga zinadya masekondi 11. Kutchula buku, mutu ndi ndime kunadya ena 5. Ndiye kuti theka la nthawi linatha ndisananene kanthu kalikonse kokhudza moyo wa mwana amene wagwira foniyo.

Apa mpamene pali kusiyana ndi wailesi, anzanga. Ife a kalabu tinazolowera wailesi. Muulutsi akamapereka moni wautali, ife sitithawa, chifukwa manja ali pa khasu kapena akusenda mtedza, wailesi ili pachitsa uko. Koma wa foni chala chake chili pagalasi pomwepo. Akangogunda kamodzi, inu mwapita, kwabwera mnzake wovina. Komanso akudziwa kuti mamega ake akutha, ndipo anawagula ndi ndalama ya ganyu. Sakudana nanu ayi. Akungosankha msanga, monga tichitira pamsika pogula tomato.

Mwina wina afunsa kuti chifukwa chiyani masekondi 30. Status inabwera pa WhatsApp mu 2017, ndipo kwa zaka zambiri inkalola kavidiyo ka masekondi 30 okha. Ikapitirira pamenepo inkaduka pakati. Mu 2024 anawonjezera nthawi ija, koma ife tinakhalabe pa 30, chifukwa kavidiyo kakafupi kamatseguka msanga kumene netiweki ili yofooka, ndipo munthu sadandaula kukatumiza kwa mnzake.

Tsono masekondi 30 ndi mawu angati? Musaganizire, yesani nokha. Ine ndinatenga pepala, ndinawerenga mokweza monga ndiyankhulira masiku onse, mphwanga akuyang'ana nthawi. Tinapeza kuti m'Chichewa chathu ndimakwanitsa mawu 50, osathamanga. Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi loti "ndikukuthokozani" limatenga nthawi imene mawu atatu aafupi akanatenga. Mukagawa bwino, m'masekondi 3 mumalowa mawu 5 kapena 6 okha. Chuma chanu chonse ndi chimenecho. Mawu 5 aja akapanda kumugwira munthu, 45 otsalawo mwalankhula ndi mphepo.

Chinthu chimene ndinaphunzira movutikira n'chakuti mawu oyamba salembedwa poyamba. Amalembedwa pomaliza. Munthu suyamba kupala chitseko usanadziwe kukula kwa khomo. Poyamba pamafunika kudziwa zinthu ziwiri: ukuyankhula ndi yani, ndipo ukufuna atsale ndi chiyani. Ndikupatsani chitsanzo chimodzi, tiyende nacho kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Munali mu Disembala 2024, nthawi yobzala. Mukukumbukira mmene dzuwa linaotchera mbewu mu Febuluwale chaka chimenecho, kuno, ku Katete ndi ku Malawi konse. Ndiye pobzalanso aliyense mtima unali m'mwamba. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinayenda ndi mnyamata wina amene anabatizidwa chaka chomwecho. Tili m'njira anati, "Abambo, ine ndikuona ngati ndinangonyowa mutu. Mtima wapachala ndili nawobe, kupemphera ndimaiwala. Mwina za Mulunguzi ine sizinandigwire." Ndinamuyankha zimene ndinatha, koma usiku tulo sitinabwere. Ndinadziwa kuti sali yekha woganiza choncho.

Ameneyo ndiye munthu wanga. Sindinalembe kuti ndikuyankhula ndi achinyamata onse a m'boma la Chifunde. Ndinalemba pamwamba pa pepala kuti: mnyamata wobatizidwa kumene, amene akuona ngati sakusintha. Ukayankhula ndi gulu, mawu amatuluka a pa guwa. Ukayankhula ndi mmodzi amene ukumudziwa nkhope, mawu amatuluka a m'njira ya kuchigayo, ndipo ndi amenewo amene amamveka.

Kenaka ndinafuna ndime. Ndinapeza fanizo limene lili pa Marko 4, ndime 26 mpaka 29, limene m'Mauthenga ena atatu aja mulibe. Mwachidule, ndi la munthu amene wabzala mbewu, masiku n'kumapita iye akugona ndi kudzuka, mbewuyo n'kumakula m'njira imene mwini wake sakuidziwa. Pansi pa dzina la munthu wanga ndinalemba chiganizo chimodzi: kukula kumayamba kumene maso saona. Ngati simungathe kunena uthenga wanu m'chiganizo chimodzi chotere, musayatse foni. Muli ndi ulaliki wa Lamlungu, osati kavidiyo.

Tsopano mpamene ndinayamba kufuna mawu oyamba. Ndinalemba asanu, ndipo ndikuwerengerani onse ndi chifukwa chimene ndinatayira anayi.

Oyamba anali akuti, "Lero tiwerenga Marko mutu 4." Awa ndi oona, koma sakumuuza mnyamata uja kanthu. Amene amakonda kale Baibulo aima, koma iye amene akudziona wolephera adutsa, chifukwa akuganiza kuti akumva zomudzudzula. Dzina la buku ndi lofunika, koma malo ake ndi pakati ndi pamapeto.

Achiwiri anali akuti, "Achinyamata, Mulungu amakukondani." Awanso ndi oona, ndipo palibe angatsutse. Vuto lake ndi lomwelo, palibe angatsutse. Anawamva kambirimbiri, akudziwa kale kumene nkhani ikupita, ndiye adikiriranji? Mawu amene mungawaike patsogolo pa uthenga uliwonse sali a uthenga wanu.

Achitatu anali akuti, "Imani kaye, musadutse, mverani izi." Awa timawamva kwambiri masiku ano. Koma taonani, mwatha mawu 5 mukupempha, osapereka kanthu. Zili ngati wogulitsa pamsika amene akukuwa kuti bwerani, bwerani, dengu lili chovundikira.

Achinayi anali akuti, "Kodi ukuona ngati sukusintha chibatizidwire?" Awa anayandikira, chifukwa akukhudza bala lenileni. Ndinawakonda, koma mayi a kunyumba atamva anati, "Bambo, mwamuloza chala pagulu. Akamaonera ali ndi anzake, achita manyazi, adutsa msanga kuti asaoneke ngati ndi iye." Ananena zoona. Ana athu foni imodzi amaonera anthu atatu. Funso limeneli ndinalisunga, koma ndinalisunthira pakati, pamene munthu wayamba kale kundikhulupirira.

Achisanu anabwera ndili kumunda. Tsiku lachitatu chibzalire, mtima unandikanika, ndinagwada n'kufukula phando limodzi ndi chala kuti ndione ngati mbewu ili moyo. Inali itatulutsa kale kamuzu koyera, ndipo ine pofukulapo ndinakathyola. Ndinaseka ndekha. Ndani pano sanachitepo zimenezi? Tonse tikudziwa kuti chimanga chimatuluka pakatha masiku 5 mpaka 7 ngati chinyezi chilipo, ndipo muzu ndi umene umayamba, koma timafukulabe. Ndinalemba kuti, "Kodi unayamba wafukula chimanga kuti uone ngati chamera?" Titayesa nthawi, anapitirira masekondi 4. Ndinachotsa "kodi", chifukwa mawu a funso amamveka okha pakamwa. "Unayamba wafukula" ndinasandutsa "unafukulapo". Anatsala mawu 5: "Unafukulapo chimanga kuona ngati chamera?"

Chifukwa chiyani awa anagwira? Ndikuona zifukwa zitatu. Choyamba, muli chinthu chooneka ndi maso, chimanga ndi dothi, osati mawu aakulu ngati chikhulupiriro kapena chiyero. Chachiwiri, ndi funso limene mwana aliyense wa kuno amayankha mumtima asanaganize n'komwe, ndipo sachita nalo manyazi. Chachitatu, sakudziwa kumene ndikupita nalo. Akudabwa kuti bambo wa kutchalitchi uja akufunsiranji za chimanga. Makolo athu ankazidziwa izi. Madzulo munthu akati "Chilape!" ana onse amasiya phokoso n'kuyankha, chifukwa mwambi ukaponyedwa palibe amafuna kugona asanamve yankho lake. Mawu oyamba abwino amasiya munthu ndi njala yotero.

Kavidiyo konse kanali motere, ndipo mukawerenga mupeza mawu 50:

"Unafukulapo chimanga kuona ngati chamera? Ine ndinafukula tsiku lachitatu. Chinali chitatulutsa kale muzu, ine n'kuuthyola. Pa Marko 4 Yesu akunena za mlimi wofesa n'kupita kukagona. Mbewu ikukula, iye osadziwa. Ukuti sukusintha? Mawu unamva aja sanawole. Muzu umayamba kunsi. Lero usafukule. Werenga Marko 4, ndime 26 mpaka 29. Mulungu akusunge, mnzanga."

Taonani zinthu ziwiri m'menemu. Funso litangotha, wolakwa woyamba ndine, osati iye. Ndikati "ine ndinafukula", mnyamata uja amamasuka, chifukwa waona kuti sindinabwere ndi chikwapu. Chinanso, liwu loti kufukula limene latsegula ndi lomwelo limene latseka. Apa mpamene mungayesere mawu anu oyamba. Mukafika kumapeto, kodi mungabwerere kwa iwo? Ngati simungathe, ndiye kuti mawuwo anali nyambo chabe, sanali mbali ya uthenga.

Mwamvanso kuti ndinati "iwe", osati "inu". Ndinaganizapo kwambiri. Ana amenewa ndimawaposa msinkhu, ndipo m'njira ndimawatchula choncho, ndiye palibe mwano. Koma mtsikana wa zaka 16 akamajambula uthenga umene makolo akenso adzaonera, ndimamuuza kuti anene za iye mwini, monga "Ndinafukulapo chimanga dzulo", kapena agwiritse "inu". Sankhani chimodzi ndipo musasinthe pakati.

Tsopano za maso, chifukwa mawu oyamba sayenda okha. Munthu amaona asanamve. Kavidiyo koyamba kaja anthu ankaona bambo wa jekete ataima pakhoma, ndipo asanamve liwu ankadziwa kale kuti kukubwera ulaliki. Aka ka chimanga tinayamba ndi dzanja langa likufukula pamzere, foni ili pafupi, dothi lonyowa likuoneka. Nkhope yanga inabwera pa chiganizo chachiwiri. Chimene chikuoneka chizigwirizana ndi chimene chikumveka. Mukanena za chimanga, anthu aone chimanga, osati maluwa otengedwa kwina.

Pali kachinthu kena kakang'ono kamene kamapha ntchito yonse. Wojambula akayatsa, ife timayamba takonza kolala, kutsokomola, kuyang'ana kumbali kufunsa kuti kodi yayamba. Pamenepo masekondi 2 apita. Musanatumize, dulani mbali imeneyo. Poika pa Status pamwamba pamaoneka kamzere ka zithunzi, mumangokoka m'mphepete mwake ndi chala mpaka pamene pakamwa payamba kutseguka. Liwu loyamba limveke pomwe kavidiyo katseguka. Nyimbo yoyambira ndi dzina la mpingo lozungulirazungulira, zonsezo zisiyeni. Ndipo jambulani m'mawa mphepo isanayambe, wojambula aime pafupi ngati mapazi awiri. Liwu loyamba likamezedwa ndi mphepo, funso lonse silimveka.

Kumbukiraninso kuti ambiri amaonera foni ili chete, ali m'kalasi, pamaliro, kapena usiku ena atagona. Choncho mawu 5 aja alembedwenso pagalasi, akuluakulu, m'mizere iwiri. Asakhale pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, chifukwa m'menemo mumakhala dzina lanu ndi malo oyankhira, ndipo amabisika. Mulembe omwewo amene mukunena. Mukalemba ena, munthu amasokonezeka kuti atsate ati.

Ndafika pa nkhani imene imandiwawa, koma ndiyenera kuinena. Nditazindikira kuti mawu oyamba ali ndi mphamvu, ndinaledzera nayo mphamvuyo. Chakumapeto kwa 2023 ndinajambula kavidiyo koyamba ndi mawu akuti, "Mmodzi wa inu Khirisimasi saiona." Cholinga changa chinali chakuti anthu akonze moyo wawo. Kanayenda kwambiri, mpaka abale a kutsidya kwa Chanida anandiimbira kuti takaona. Ndinadzimva kuti ndafikapo.

Patapita masiku atatu kunabwera mayi wina kunyumba. Anakana mpando, anakhala pamphasa ndi mayi a kunyumba, n'kunena kuti, "Abambo, mwana wanga masiku awiri sakudya. Mukudziwa kuti bambo ake ali gone. Iye akuti Mulungu wakuuzani kuti ndi iwowo. Kodi anakuuzanidi?" Ndinasowa poyang'ana. Mulungu sanandiuze kanthu. Ndinangofuna kuti chala chiime. Kumapeto kwa kavidiyoko ndinanena za chikhululukiro, koma mwanayo sanafikeko, anatsala ndi mawu oyamba okha aja. Ndinapita kukapepesa, ndinakhala naye mwanayo n'kumufotokozera, koma kavidiyo kanali katafalikira kale m'mafoni a anthu, ndipo sindikanatha kukabweza.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi lamulo. Ndimadzifunsa kuti, munthu akangomva mawu oyamba okha n'kudutsa, kodi ndamusiya ndi choona kapena ndi bodza? Pajatu ambiri amamva okhawo. Amene wamva za kufukula chimanga n'kudutsa, sindinamulakwire. Amene wamva kuti wina amwalira n'kudutsa, ndamusenzetsa katundu amene Mulungu sanamupatse. N'chimodzimodzi ndi aja oti ukaonera mpaka kumapeto ulandira ndalama sabata ino, kapena ukapanda kutumiza kwa anthu khumi uona tsoka. Amaimitsa chala, inde, koma sabata ikatha ndalama osabwera, mwana amati za Mulungu n'zabodza. Ndipo mawa ukabwera ndi uthenga woona, akangoona nkhope yako amadutsa.

Ngakhale pa kavidiyo ka chimanga ndinatsala pang'ono kugwanso. Poyamba ndinalemba kuti, "Chimene wapempha chikubwera." Nditawawerengera akulu a mpingo, anatsegula Baibulo n'kunena kuti, "Mwana wanga, fanizoli likunena za Ufumu wa Mulungu ndi mmene umakulira. Silikulonjeza njinga yamoto." Ndinafufuta. N'chifukwa chake ndimati pepala lanu lizionedwa ndi wina wodziwa Mawu musanajambule. Mawu oyamba asalonjeze chimene ndimeyo sikupereka.

Akulu omwewo ndi amene anandifunsa funso limene ndikudziwa kuti ena pano muli nalo. Anati, "Kodi iwe, unaleredwa kuti? Munthu amalowa pakhomo pa eni osaodira?" Funsoli si lopepuka, chifukwa ife Achewa moni ndi ulemu, ndipo sindifuna kuphunzitsa ana mwano. Ndinawayankha kuti, "Abambo, ndikabwera kwanu ndimaodira, chifukwa ndabwera kudzakhala. Koma ndikakuonani mukudutsa pa njinga pamsewu wa ku Cassacatiza, thumba lanu likutayika ufa, sindiyamba ndi kufunsa mmene mwadzukira. Ndimakuwa kuti thumba labooka, mukaima mpamene timapatsana moni." Anaseka, koma sanagonje msanga. Tinagwirizana kuti moni asatayidwe, angosamuka. Timamulemba m'mawu a pansi pa kavidiyo, ndipo pamapeto timatsazika ndi dalitso, monga mwamvera muja. Uthenga ukakhala wopita kwa akuluakulu pa gulu la mpingo, moni amabwerera patsogolo. Izi ndikunenazi ndi za achinyamata amene chala chili pagalasi.

Nanga mudziwa bwanji kuti mawu anu oyamba agwira? Musanamizidwe ndi mayina a pa Status monga ndinanamizidwira ine. Dzina la munthu limalembedwa akangotsegula, ngakhale adutse nthawi yomweyo. Mndandanda umenewo sunena kuti anafika pati. Ine ndimayesa njira ziwiri, ndipo zonse sizifuna ndalama.

Yoyamba ndi ya musanajambule. Kwaya ikatha Loweruka, ndimaitana ana atatu kapena anayi, mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu amangovomerezana. Ndimanena mawu oyamba okha, kenaka ndimakhala chete n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato. Mwana akati, "Ndiye zinatani?" kapena akayamba kundiuza za iye mwini, ndadziwa kuti agwira. Akati "Ameni" kapena "Zoona, abambo", ndadziwa kuti afa. Ameni ndi ulemu chabe, akutanthauza kuti nkhani yatha, palibe chimene akudikira. Tsiku la chimanga lija mtsikana wina anaseka n'kuti, "Amayi anandimenyera zimenezo chaka chatha. Mwafunsiranji?" Liwu loti "mwafunsiranji" ndi limene ndimasaka.

Yachiwiri ndi ya mutatumiza. Status imakhala maola 24. Mawa lake funsani awiri kapena atatu, koma musafunse kuti kanali bwanji, chifukwa adzati kanali bwino. Funsani kuti, ndinamaliza ndi chiyani? Akatchula mathero, ndiye kuti mawu oyamba anawanyamula mpaka kufika. Akangokumbukira poyambira pokha, vuto lili pakati, mwina munachedwa kuyankha funso limene munafunsa. Akatchula jekete, yambiraninso.

Ndisakunamizeni kuti njira imeneyi imagwira paliponse. Funso la chimanga ndi la kuno, ndiponso la nthawi yobzala. Mwana wa mlongo wanga amene anakulira mu mzinda wa Tete ataliona anati sanamve kuti ndikutanthauzanji, chifukwa sanabzalepo. Mukalitumiza mu Julayi anthu akukolola ndi kugulitsa, silikhala ndi mphamvu yomweyo. Komanso mukayamba ndi funso tsiku lililonse, ana amazolowera. Masiku ena yambani pakati pa nkhani, monga "Dzulo ndinanama kuchigayo", bola zikhale kuti zinachitikadi. Musabwereke mawu anga. Pitani kumene ana anu amakhala, kumjigo, kubwalo la mpira, pamalo otchajira mafoni, mukamve zimene akudandaula ndi mawu amene akugwiritsa ntchito.

Ndipo mawu oyamba ali ndi malire ake. Ntchito yawo ndi kuimitsa munthu kuti amve masekondi 27 otsalawo, basi. Satembenuza mtima. Mnyamata wa kuchigayo uja sanandiuze kuti kavidiyo kanasintha moyo wake, ndipo ine sindinena zimene sananene. Chimene anachita n'chakuti Lamlungu lotsatira anandipeza panja n'kufunsa kuti, "Abambo, ndime ija munati 26 mpaka chiyani?" Ndinamubwereka Baibulo langa, ndipo tinakhala pakhonde n'kuwerenga limodzi.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Msonkhano wa mwezi wamawa, aliyense amene akufuna kujambula abwere ndi pepala. Pamwamba alembe munthu mmodzi amene akuyankhula naye, osatchula dzina. Pansi pake chiganizo chimodzi cha uthenga ndi ndime yake. Kenaka mawu oyamba asanu osiyanasiyana, lililonse losapitirira mawu 6. Tidzawerengerana pano, alembi adzagwira wotchi, ndipo achinyamata muli kumbuyoko ndinu mudzatiuze amene mukanaimira. Musadzatichitire ulemu, mudzanene zoona monga anachitira mphwanga.

Apampando, ndaona mwayang'ana dzuwa kawiri. Ndalankhula za masekondi 3 kwa nthawi yaitali chonchi, mundikhululukire. Amene ali ndi mafunso ndilipo.